Kupeza mphamvu ya mankhwala m'madzi a mtundu pogwiritsa ntchito mzere woyezera: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera kwa ophunzira ndi anthu amene angoyamba ntchito mu labu akapatsidwa botolo la madzi a mtundu n'kuuzidwa kuti apeze kuchuluka kwa mankhwala amene ali m'menemo. Kuti tisangolankhula za m'mutu, titsatira chitsanzo chimodzi: potaziyamu pemanganeti, KMnO₄, timchere takuda tija timene tikangogwera m'madzi timawasandutsa a pepo. Ambiri tinatiwonapo kuchipatala, kumene amatisungunula m'beseni kuti anyikemo mwendo wa zilonda. Manambala owerengedwa pa makina amene mupeze pansipa ndi a chitsanzo chabe, koma ndi ofanana ndi amene mungapeze inunso pa makina abwino.

Kodi makinawo amayeza chiyani kwenikweni?

Sayeza mankhwala. Sipekitirofotomita, kapena mng'ono wake kalarimita, imayeza kuwala. Mkati mwake muli babu, kachipangizo kosankha mtundu umodzi wa kuwala, malo oikapo kabotolo kakang'ono kotchedwa kiyuveti, ndi diso lamagetsi lowerenga kuwala kumene kwadutsa m'madziwo. Mankhwala a mtundu amameza gawo la kuwalako. Makina amayerekeza kumene kwatuluka ndi kumene kukanatuluka m'madzi opanda mankhwala, n'kukupatsani nambala yotchedwa abizobansi, imene timailemba ndi A:

A = −log₁₀(I/I₀)

Apa I ndi kuwala kumene kwatuluka, ndipo I₀ ndi kumene kukanatuluka m'madzi opanda mankhwala. Nambala ya A ilibe muyeso ngati lita kapena giramu, ndipo siyenda mmene maganizo athu amayembekezera. A akakhala 1, kuwala kodutsa ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Akakhala 2, ndi limodzi mwa 100. Akakhala 3, ndi limodzi mwa 1,000. Sungani zimenezi, chifukwa mavuto ambiri amene tikambirane kutsogoloku gwero lake ndi pomwepa.

Chimene chimalumikiza kuwalako ndi mankhwala ndi lamulo la Beer ndi Lambert. Pierre Bouguer mu 1729 ndi Johann Heinrich Lambert mu 1760 anafotokoza mmene kuwala kumacheperachepera kukamadutsa m'chinthu chochindikala, ndipo August Beer mu 1852 anawonjezera mbali ya kuchuluka kwa chosungunuka m'madzi. Lero timalilemba chonchi:

A = εlc

Apa c ndi mphamvu ya mankhwala, kutanthauza kuchuluka kwake pa lita imodzi. Chilembo cha l ndi mtunda umene kuwala kwayenda m'madziwo, nthawi zambiri sentimita imodzi. Chilembo cha ε ndi nambala yosonyeza mmene mankhwalawo amamezera kuwala kwa mtundu umenewo. Ngati l ndi ε sizikusintha, ndiye kuti mukawirikiza c kawiri, A nayenso awirikiza kawiri. N'chifukwa chake girafu yake imatuluka mzere woongoka.

Ngati ε ilipo kale m'mabuku, n'chifukwa chiyani ndivutike kupanga mzere wanga?

Chifukwa ε ya m'buku inapezedwa pa makina ena. Ya pemanganeti pa 525 nm, kutanthauza kuwala kumene funde lake ndi lotalika mananomita 525, ndi pafupifupi 2,400 L mol⁻¹ cm⁻¹, koma makina anu akhoza kunena kuti ali pa 525 pomwe alidi pa 530. Kalarimita yogwiritsa ntchito galasi losefa kuwala simasankha funde limodzi, imalola chigamu chonse cha mafunde oyandikana, ndipo imawerenga motsikirapo. Ena amagwiritsanso ntchito timachubu tozungulira m'malo mwa kiyuveti ya makona anayi, kumene mtunda wa kuwala si sentimita imodzi ndendende.

Mzere woyezera umakwirira zonsezi. Mumapanga madzi angapo amene mphamvu yake mukuidziwa, amene timawatcha masitandadi, mumawawerenga pa makina omwewo, tsiku lomwelo, m'kiyuveti yomweyo, kenako mumafunsa kuti sampulo yanu yagwera pati pakati pawo. Vuto lililonse losasintha la makinawo limakhudza masitandadi ndi sampulo mofanana, ndiye limadzichotsa lokha. ε ya m'buku ikhale yongokuthandizani kuona ngati simunasochere kutali.

Ndisankhe kuwala kotani?

Kumene mankhwalawo amameza kwambiri, ndipo si mtundu umene mukuuona ndi maso. Pemanganeti imaoneka ya pepo chifukwa yameza kuwala kobiriwira n'kusiya kofiira ndi kwa buluu. Choncho muike makina pa 525 nm, kapena pa galasi lobiriwira ngati ndi kalarimita. Wophunzira akasankha galasi la pepo poganiza kuti lifanane ndi madziwo, amapeza manambala ang'onoang'ono osasiyana kwenikweni.

Ngati simukudziwa malo oyenera a mankhwala anu, tengani sitandadi ya pakati, muiwerenge kuyambira 400 mpaka 700 nm mukudumpha 10 kapena 20, ndipo nthawi iliyonse mukasintha funde mubwezeretse ziro ndi bulanki, madzi opanda mankhwala amene mukuyezawo. Pamene A wakwera kuposa ponse ndi pamene muyezere. Phindu lake ndi lapawiri: manambala amakula, komanso pansonga pa phiri ndi posalala, moti makina akaphonya ndi nanomita imodzi kapena awiri A sasintha kwambiri. Pambali pa phiri, kuphonya komweko kumasuntha nambala moonekeratu.

Masitandadi ndiwapange bwanji?

Apa m'pamene pagona ntchito yonse, ndipo zolakwika zambiri zimene anthu amanamizira makina zimachitikira pano.

Yambani ndi madzi amphamvu kwambiri. Yezani 0.500 g ya KMnO₄, muisungunule m'bika ndi madzi otcheza pang'ono, muthire mu fulasiki yoyezera ya 500 mL, mutsuke bikayo katatu n'kuthira zotsukazo mu fulasiki momwemo, kenako mudzaze mpaka pa mzere. Imeneyo ndi 1,000 mg/L. Musafulumire: timchere ta pemanganeti timachedwa kusungunuka, ndipo popeza madziwo ndi akuda bii simungaone kamene katsalira pansi. Pendeketsani bika pa kuwala muone bwinobwino musanathire.

Wina angafunse kuti bwanji osangoyeza 0.050 g n'kupanga 100 mg/L kamodzin'kamodzi. Ngati sikelo yanu imatha kuphonya ndi 0.001 g, pa 0.050 g kuphonyako ndi magawo 2 pa 100, pomwe pa 0.500 g ndi 0.2 pa 100 basi. Kuyeza zambiri n'kusukulutsa pambuyo pake ndiko kolondola.

Tsopano tengani 25 mL ndi pipeti, muike mu fulasiki ya 250 mL, mudzaze ndi madzi. Mwapeza 100 mg/L. Kuchokera m'menemu, ikani 5, 10, 15, 20 ndi 25 mL m'mafulasiki asanu a 50 mL, lililonse mulidzaze mpaka pa mzere. Masamu ake ndi C₁V₁ = C₂V₂, ndipo mupeza 10, 20, 30, 40 ndi 50 mg/L. Tsekani fulasiki iliyonse ndi kuizondotsa kakhumi kapena kuposa. Kungoigwedeza sikukwanira, khosi lake ndi lopapatiza ndipo madzi a pamwamba amatsala osasakanikirana.

Pali njira ina imene anthu amaikonda chifukwa ndi yachangu: kutenga theka la botolo loyamba kupanga lachiwiri, theka la lachiwiri kupanga lachitatu, mpakana kumapeto. Ine sindiilimbikitsa pa ntchito ngati iyi. Mukalakwitsa pa botolo lachiwiri, cholakwacho chimayenda mpaka lomaliza. Kutunga sitandadi iliyonse kuchokera m'botolo limodzi kumachititsa kuti cholakwa chikhale pa dontho limodzi la girafu, pamene chimaoneka.

Chinthu chimodzi chimene mzere sungakuuzeni: ngati 100 mg/L yanu inalidi 95, madontho onse adzakhala pamzere bwinobwino, koma mayankho onse adzakhala okwera ndi magawo asanu pa 100. Pemanganeti ili ndi vuto limeneli mwachibadwa, chifukwa timchere take timakhala ndi MnO₂ pang'ono ndipo imawonongeka ikakhalitsa m'madzi. Pophunzira m'kalasi zimenezi sizisokoneza kwambiri, koma pa ntchito yofuna kulondola kwenikweni, mphamvu ya botolo loyambalo imatsimikizidwa kaye poithira dontho ndi dontho mu sodiyamu okizaleti woyezedwa bwino.

Bulanki ndi madzi wamba basi?

Pa chitsanzo chathu, inde: madzi otcheza omwewo amene munasukulutsira masitandadi. Koma tanthauzo lake ndi lakuti muli chilichonse chimene chili mu sitandadi kupatula chimene mukuyezacho. Ngati munathira asidi kapena mankhwala otulutsa mtundu mu masitandadi, muthirenso mu bulanki mlingo womwewo. Iikeni m'makina, dinani ZERO, kapena 100%T pa makina akale, ndipo muonetsetse kuti akuwerenga 0.000.

Madzi a pampopi ayi. Pemanganeti imalimbana ndi zinyalala zilizonse za zamoyo zimene zili m'madzi n'kusanduka MnO₂ ya bulawuni, ndiye sitandadi ya 10 mg/L imayamba kufooka musanaiwerenge n'komwe.

Powerenga pa makina ndisamale chiyani?

Yatsani makina mphindi 15 mpaka 20 musanayambe, babu itenthe ikhazikike. Gwiritsani ntchito kiyuveti imodzi pa zonse ngati n'kotheka. Yambani ndi sitandadi yofooka kupita ku yamphamvu, ndipo musanawerenge iliyonse tsukani kiyuveti kawiri ndi madzi amene mukufuna kuwerengawo. Kadontho ka madzi otcheza kotsalira mkati kamasukulutsa zimene mwathiramo.

Kiyuveti ili ndi mbali ziwiri zoyera zodutsa kuwala ndi ziwiri za mbuu kapena za mizeremizere zogwira. Igwireni ku mbali zogwirazo, pukutani zoyerazo ndi kapepala kofewa, ndipo muziyilowetsa moyang'ana mbali imodzimodzi nthawi zonse. Musanatseke chivindikiro, ikwezeni m'mwamba muyang'ane: kathovu kamodzi kakang'ono kokakamira kukhoma, kongofanana ndi mbewu ya mpiru, kamatha kukweza nambala mokwanira kuchotsa dontho pa mzere. Kagogodeni ndi chala kachoke. Mukamaliza onse, bwezeranimo bulanki. Ikawerenga 0.001 kapena 0.002 palibe vuto. Ikawerenga 0.015, makina anasuntha muli mkati mwa ntchito, ndipo muyenera kubwereza.

Manambala ndawapeza. Mzere ndiujambule bwanji?

Tinene kuti mwapeza awa:

| c, mg/L | A pa 525 nm |
|---|---|
| 0 | 0.000 |
| 10 | 0.155 |
| 20 | 0.301 |
| 30 | 0.459 |
| 40 | 0.606 |
| 50 | 0.762 |

Mphamvu ya mankhwala ikhale pa mzere wogona, abizobansi pa woimirira. Pa pepala la girafu, ikani madontho onse asanu ndi limodzi, kenako ndi rula yoonekera mkati jambulani mzere umodzi woongoka wodutsa pakati pawo, ena atsale pamwamba pang'ono ena pansi pang'ono. Osalumikiza dontho ndi dontho ngati njira ya m'munda. Kukhotakhota kwa madontho ndi zolakwa zazing'ono za manja anu, osati khalidwe la mankhwala, ndipo mzere woongoka ndi umene umazifafaniza.

Pa kompyuta, mu Excel kapena LibreOffice Calc, ikani c m'danga A ndi abizobansi m'danga B kuyambira mzere wachiwiri, n'kulemba:

```
=SLOPE(B2:B7,A2:A7)
=INTERCEPT(B2:B7,A2:A7)
=RSQ(B2:B7,A2:A7)
```

Onani kuti danga B ndi limene limayamba. Mukasinthanitsa, kompyuta siidandaula, imangokupatsani yankho la funso lina. Makompyuta ena amafuna chizindikiro cha ; m'malo mwa koma. Posankha mtundu wa girafu, sankhani Scatter, osati Line, chifukwa Line imatalikitsa madontho mofanana ngakhale manambala ake asatalikirane mofanana.

Pa manambala athu, mzere ukutuluka

A = 0.0152c + 0.0004

ndipo R², nambala yosonyeza mmene madontho agonera pa mzere, imene siposa 1, ndi 0.9999. Nambala ya 0.0152 ndi kukwera kwa mzere: miligiramu iliyonse pa lita ikuwonjezera 0.0152 pa abizobansi. Ya 0.0004 ndi pamene mzere wadulira mzere woimirira, pafupi kwambiri ndi ziro monga tikuyembekezera. Mungadziyese nokha apa. Molo imodzi ya KMnO₄ imalemera 158.03 g, kapena 158,030 mg, ndipo mukachulukitsa ndi 0.0152 mupeza pafupifupi 2,400, yomwe ija ya m'mabuku. Mukanapeza 240 kapena 24,000, mukanadziwa kuti penapake posukulutsa panasochera khumi.

Chenjezo laling'ono: nambala imene kompyuta imalemba pa girafu nthawi zina imakhala yodulidwa, monga 0.015 m'malo mwa 0.0152. Kusiyana kumeneko kokha kumasuntha yankho ndi gawo limodzi ndi kanthu pa 100. Tengani nambala ya m'danga la SLOPE.

Nanga sampulo yanga?

Tinene kuti mwapatsidwa botolo la pemanganeti yakuda kwambiri kuposa masitandadi onse. Mwaiika m'makina, yawerenga 2.30. Chiyeso chimene chimabwera ndi kungotalikitsa mzere ndi rula, kapena kuika 2.30 mu masamu aja, n'kupeza 151 mg/L. Yankho limeneli ndi labodza, ndipo tiona posachedwa kukula kwa bodza lake.

Isukulutseni. Tengani 5 mL ndi pipeti, muike mu fulasiki ya 50 mL, mudzaze. Mwaichepetsa mphamvu kakhumi. Tsopano mtundu wake ukuoneka kuti uli pakati pa sitandadi ya 30 ndi ya 40, ndipo maso okha akukuuzani kale kumene yankho ligwere. Mwawerenga katatu, mukuthira mwatsopano nthawi iliyonse: 0.487, 0.489, 0.485. Pakati pake ndi 0.487.

c = (0.487 − 0.0004) ÷ 0.0152 = 32.0 mg/L

Imeneyi ndi mphamvu ya zimene zili mu fulasiki ya 50 mL, osati za m'botolo munapatsidwa. Chulukitsani ndi 10: 320 mg/L, kapena 0.00202 mol/L mukagawa 0.320 g ndi 158.03. Kuiwala kuchulukitsa kumeneku ndiko kumadyera ophunzira mamalikisi kuposa china chilichonse, choncho lembani "×10" pa fulasiki pomwepo mukangosukulutsa.

Yerekezani tsopano: 320 ndi 151. Mzere wotalikitsa uja unakubisirani mankhwala opitirira theka. Ndipo musalembe 320.13, masitandadi anu ndi pipeti yanu sizingakupatseni manambala olondola oposa atatu.

N'chifukwa chiyani makina ananama pa sampulo yakudayo?

Sananame, anafika pamene maso awo amathera. Pa 320 mg/L abizobansi yeniyeni ikanakhala pafupifupi 4.9, kutanthauza kuti mwa magawo 100,000 a kuwala, limodzi lokha ndi kanthu ndi limene likudutsa. Koma m'makina aliwonse muli kuwala kosochera: kwa mafunde ena amene mankhwalawo sameza, kapena kolowera pa chivindikiro chosatseka bwino. Tiyerekeze kuti m'makina athu kuwala kosocheraku ndi theka la gawo limodzi pa 100. Madzi akakhala owala, kachigawo kameneka sikaoneka: A weniweni wa 0.500 amawerengedwa 0.495. Pa 1.00 mumaona 0.98. Pa 2.00 mumaona 1.83. Kupitirira apo diso la makina limangoona kuwala kosocherako, ndipo ngakhale muikemo inki, nambala siidutsa 2.30. Pa girafu zimenezi zimaoneka ngati mzere umene ukuwerama n'kuyamba kugona.

Palinso zifukwa zina zoweramitsa mzere. Makina olola chigamu chachikulu cha mafunde amayamba kuwerama msanga. Mankhwala ena amasintha okha akachuluka kapena akasukuluka: dayikirometi ya mtundu wa lalanje imasanduka pang'ono kirometi yachikasu ikasukulutsidwa m'madzi opanda asidi, ndiye mtundu sukhalanso ukuyenda limodzi ndi kuchuluka kwake. Ndipo lamulo la Beer limagwira bwino m'madzi ofooka, ambiri amati osapitirira 0.01 mol/L.

N'chifukwa chake pa makina wamba timayesetsa kuti zowerenga zikhale pakati pa 0.1 ndi 1.0, makamaka 0.2 mpaka 0.8. Masitandadi athu a 10 mpaka 50 mg/L sanasankhidwe mwamwayi: anasankhidwa kuti agwere m'menemu.

R² yanga ndi 0.99. Si ndiye kuti zili bwino?

Ayi, osati pa ntchito iyi. Ku maphunziro ena 0.99 ndi ya chikondwerero, koma pa mzere woyezera ndi nambala yoti ikuchititseni kukayikira.

Tiyeni tione. Pa makina omwe aja a kuwala kosochera, wina apange masitandadi a 0, 40, 80, 120 ndi 160 mg/L pofuna kupewa kusukulutsa masampulo. Awerenga 0.000, 0.601, 1.184, 1.701 ndi 2.063. Kompyuta imupatsa A = 0.0131c + 0.065, ndipo R² ndi 0.992. Akangoyang'ana nambala imeneyi asangalala. Koma tengani sitandadi yake yomwe ya 80 mg/L, muiyese ngati sampulo pa mzere umenewu: yankho likutuluka pafupifupi 86. Waphonya ndi magawo 7 pa 100 pa chinthu chimene anachipanga yekha.

Chimene chimaulula ndi zotsalira, kutanthauza kusiyana kwa A amene munawerenga ndi A amene mzere ukunena. Pa mzere wathu wabwino uja zotsalira zikungosinthana, china pamwamba china pansi, ndipo palibe choposa 0.004. Pa mzere wa mnzathuyu zikuyenda motere: −0.065, +0.014, +0.074, +0.069, −0.092. Zam'mphepete pansi, zapakati pamwamba, ngati uta. Mukaona uta wotere, chotsani masitandadi amphamvuwo, muchepetse malire a mzere, ndipo masampulo muziwasukulutsa. Kuwerengera zotsalira kumatenga danga limodzi lowonjezera pa kompyuta, ndipo kwa ine ndi kofunika kuposa R².

Mzere ndiukakamize kudutsa pa ziro?

Mwa lamulo, madzi opanda mankhwala abizobansi yake ndi ziro, ndiye ambiri amadina Set Intercept n'kuika 0. Ine ndimati muusiye mzere udule pamene ukufuna, chifukwa pamene wadulapo ndi umboni. Ukadula pa 0.0004, kukakamiza kapena kusakakamiza sikusintha yankho. Ukadula pa 0.065 monga wa mnzathu uja, ukukuuzani kuti mzere ukuwerama, kapena bulanki siyofanana ndi masitandadi, kapena munaika ziro ndi kiyuveti ina. Ukadula pansi pa ziro moonekeratu, kawirikawiri bulanki inali yakuda kapena ya zidindo za zala, apo ayi china chake m'madzi chikudya pemanganeti mlingo wofanana mu fulasiki iliyonse. Kukakamiza ziro kumangophimba chizindikiro, matenda ali pomwepo.

Dontho limodzi latuluka pa mzere. Ndilifufute?

Osati musanalifufuze. Thirani mwatsopano sitandadiyo, pukutani kiyuveti, muwerengenso. Nambala ikabwerera pamzere, linali thovu kapena chala. Ikakhala yomweyo, vuto lili mu fulasiki: pangani sitandadiyo mwatsopano. Ngati munadziona nokha mukudutsitsa madzi pa mzere wa fulasiki, muli ndi chifukwa chenicheni choitayira, ndipo mulembe chifukwacho m'buku. Kufufuta dontho pongofuna kuti R² ikongole n'kudzinamiza.

Nanga sampulo ikakhala yofooka kuposa sitandadi yotsika kwambiri?

Kumunsi nakonso kuli malire. Werengani bulanki kakhumi muone mmene manambala akubalalikira. Tinene kuti kubalalikako, kumene kompyuta imakupatsani ndi STDEV, ndi 0.002. Chizolowezi ndi kuchulukitsa ndi 3 n'kugawa ndi kukwera kwa mzere: 3 × 0.002 ÷ 0.0152 ikupereka pafupifupi 0.4 mg/L. Pansi pa apo simunganene n'komwe kuti mankhwala alimo. Kuti mutchule nambala molimba mtima muchulukitse ndi 10 m'malo mwa 3, ndiye pafupifupi 1.3 mg/L. Sampulo ikawerenga 0.040, ndi bwino kupanga masitandadi ena a 1, 2, 4, 6 ndi 8 mg/L, kapena kugwiritsa ntchito kiyuveti ya masentimita asanu ngati makina akuilola, imene imakuza nambala kasanu.

Sampulo yanga ndi yovunduka pang'ono. Zili ndi kanthu?

Kwambiri. Makina sasiyanitsa kuwala komezedwa ndi kuwala komwazidwa ndi tizidutswa toyandama. Konse amakuwerenga ngati abizobansi, ndiye yankho limakwera. Madzi ayenera kukhala a mtundu koma oonekera mkati, ngati tiyi wopanda mkaka. Masampulo ambiri mungawasefe ndi pepala losefera, koma pemanganeti ayi: imadya pepalalo, mumaliona likusanduka bulawuni, ndipo mankhwala ena amathera pomwepo. Gwiritsani ntchito sefa ya galasi kapena makina ozunguza machubu kuti zinyalala zikhale pansi.

Ngati mu sampulo muli chinthu chachiwiri cha mtundu chimene chimamezanso kuwala pa 525 nm, mzere wa masitandadi oyera udzawerenga zonse ziwiri ngati pemanganeti. Njira yachangu yodziwira ndi kuyendetsa sampulo kuyambira 400 mpaka 700 nm n'kuyerekeza maonekedwe a phiri lake ndi a sitandadi. Akasiyana, muli mlendo.

Njira imeneyi ingagwire pa zinthu zopanda mtundu?

Inde, mukazipatsa mtundu. Chitsulo chosungunuka m'madzi a pa mjigo chimayezedwa pothira fenantirolini, imene imapanga mtundu wofiira ngati lalanje wowerengedwa pa 510 nm. Fosifeti amasandutsidwa wa buluu ndi molibudeti ndi asidi wa asikobiki, n'kuwerengedwa pa 880 nm. Masitepe a mzere ndi omwewa, kungoti pakuwonjezereka nthawi: mtundu umatenga mphindi zingapo kuti ukhwime, choncho bulanki, masitandadi ndi masampulo zonse zilandire mankhwala ofanana ndi kudikira nthawi yofanana.

Mzere wa lero ndingaugwiritse ntchito mawa?

Mungathe, mutauyesa kaye. Pangani sitandadi imodzi yatsopano ya pakati, tinene 30 mg/L, muiwerenge ngati sampulo. Ikatuluka pakati pa 28.5 ndi 31.5, ndiye kuti ili mkati mwa magawo asanu pa 100, malire amene malabu ambiri amalola; ikatuluka kunja, pangani mzere wina. Babu ikasinthidwa, makina akasamutsidwa, kapena mukatenga makiyuveti a mtundu wina, musayese n'komwe, yambirani pachiyambi. Magetsi akathima muli mkati mwa ntchito, akabwera dikirani babu itenthenso, muikenso ziro, muwerenge sitandadi imodzi musanapitirize.

Masitandadi ofooka a pemanganeti sagona. A 10 ndi 20 mg/L mukawasiya pa tebulo padzuwa, mawa mudzaona kambuu ka bulawuni pa khoma la fulasiki. Botolo la 1,000 mg/L limapirira kwa kanthawi mukalisunga m'botolo la galasi la bulawuni, m'kabati yamdima. Ndipo musasiye pemanganeti m'kiyuveti mukaweruka, makamaka ya pulasitiki. Utoto wa MnO₂ umene umakakamira suchoka ndi madzi kapena sopo. Umachoka mukanyika kiyuvetiyo kwa mphindi zochepa mu asidi wa okizaliki wofooka kapena m'madzi osungunuliramo vitamini C, kenako n'kuitsuka kangapo ndi madzi otcheza, chifukwa kotsalira kalikonse ka mankhwala otsukirawo kadzafufuta mtundu wa sitandadi yoyamba imene mudzathiremo mawa.